Kalembedwe ka Tchati cha SFC Choyendetsera Thanki Yosakanizira Sopo Wamadzi

Amisiri ambiri a magetsi amatha kulemba pulogalamu ya PLC yodzaza thanki, kusakaniza ndi kukhuthula, ndipo tsiku loyesera imayenda bwino. Mavuto amayamba pakapita masabata: thanki imaima pakati pa ntchito popanda alamu, mota yosakanizira imazungulirabe thanki itauma, kapena magetsi akabwera makina amathiranso madzi pamwamba pa sopo yemwe anali atatsala pang'ono kutheka. Pafupifupi zonsezi zimachokera pa kusowa kwa mayankho a mafunso atatu amene sitepe iliyonse iyenera kukhala nawo: chimene chimaithetsa nchiyani, chichitike nchiyani ikakana kutha, ndipo imasiya chiyani chili choyaka.

Chitsanzo chathu ndi kafakitale kakang'ono ka pa boma la Dedza kopanga sopo wamadzi wotsukira mbale. Msakanizo umodzi ndi malita 400 a madzi ndi malita 80 a mankhwala a sopo, zotenthetsedwa kufika madigiri 40 ndi kusakanizidwa kwa mphindi 20. Miyezoyi ndi yophunzirira chabe, choncho inu mudzaikamo ya fakitale yanu.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika PLC ndi pulogalamu yolembera imene ili ndi SFC, njira yolembera pulogalamu ngati tchati cha masitepe otsatana, monga mwa muyezo wa IEC 61131-3. CODESYS ili nayo, ndipo pa makina a Siemens chofanana nacho chimatchedwa GRAPH. Mufunikanso pepala lalikulu ndi pensulo, chifukwa tchati chimayamba kujambulidwa pamanja. Pa thanki ya malita 600 pali zida izi:

- V1, valavu ya madzi, yothira malita 40 pa mphindi, ndi mita yake FQ1
- P1, pampu ya mankhwala a sopo, yothira malita 10 pa mphindi, ndi mita yake FQ2
- M1, mota yosakanizira, ndi M1_FB, chizindikiro chochokera ku kontakitala chotsimikiza kuti yagwira
- H1, hita ya makilowati 12, ndi sensa ya kutentha TT1
- V2, valavu yokhuthulira
- maswichi atatu a mulingo: LSLL pansi penipeni, LSL pa malita 150 pamene mapiko a mota ndi hita zamira, ndi LSH pa malita 550

Mavalavu onse akhale odzitsekera okha ndi sipuling'i mphamvu ikachoka. Batani loimitsira pangozi lidule magetsi a mota, pampu ndi hita kudzera m'mawaya enieni, osadalira pulogalamu.

1. Lembani ntchito yonse m'mawu ndipo muidule m'masitepe

Khalani pansi ndi munthu amene amasakaniza sopoyo ndi manja, mumufunse zimene amachita motsatana ndi chimene amayang'ana asanapite pa chotsatira. Iyeyo ndi amene angakuuzeni kuti madzi amayamba kulowa mankhwala asanathiridwe, pakuti madzi akagwera pa mankhwala thovu limadzaza thanki. Mawu ake ndiwo asanduke tchati ichi:

```
S0  IDLE
S1  PREP
S2  FILL
S3  AGIT_ON
======================
S4 HEAT       S6 DOSE
S5 WAIT_H     S7 WAIT_D
======================
S8  MIX
S9  SAMPLE  ->  S10 REMIX  ->  S9
S11 DRAIN   ->  S0
```

Sitepe imajambulidwa ngati kabokosi, ndipo S0 yokha, yomwe ndi poyambira, imakhala ndi mizere iwiri m'mbali mwake. Pakati pa masitepe awiri aliwonse pamakhala kamzere kopingasa kamene pa sikirini kamalembedwa TRANSITION, ndipo m'malangizo ano tizikatcha chipata. Lamulo lake ndi lakuti sitepe imatsatidwa ndi chipata, chipata chimatsatidwa ndi sitepe, ndipo chipata chimatseguka pokhapokha masitepe onse a pamwamba pake ali amoyo, kutanthauza kuti ndi amene akugwira ntchito pa nthawiyo, komanso chimene chalembedwapo chakwaniritsidwa.

Chenjezo: musaunjike ntchito ziwiri zotha pa nthawi zosiyana mu sitepe imodzi. Kutenthetsa ndi kuthira mankhwala zikakhala m'bokosi limodzi, tsiku limene thanki idzaime simudzadziwa chimene chaimitsa.

2. Lembani chotsegulira chipata chilichonse

Chipata cha S0 chisatseguke chifukwa chakuti batani ndi lodinidwa, koma chifukwa chakuti langodinidwa kumene. Gwiritsani ntchito R_TRIG pa batanilo, apo ayi batani lokanirira lidzayambitsa msakanizo wina pomwepo thanki ikangouma. Onjezani kuti thanki ikhale yopanda kanthu ndipo pasakhale alamu yotsalira.

S1 ndi sitepe yaing'ono imene ambiri amaidumpha, koma ine sindilemba tchati popanda iyo. Ntchito yake ndi kubwezera mamita awiri aja pa ziro, ndipo chipata chake chimadikira mpaka `FQ1 = 0 AND FQ2 = 0`. Mukaika kubwezeraku mkati mwa sitepe yodzaza madzi, chipata chake chikudalira mita yokha, zimatheka kuti PLC iwerenge chipata chotsatira nambala yadzulo ikadalipo, ione kuti malita akwana kale, nkudumpha kudzaza konse m'kuphethira kwa diso.

Sitepe yodzaza imalembedwa motere:

```
STEP S2:
  V1_REQ(N);
END_STEP
TRANSITION FROM S2 TO S3
  := (FQ1 >= 398.0) AND LSLL AND LSL;
END_TRANSITION
```

Nambala ya 398 siyolakwika. Valavu yathu imatenga masekondi 3 kuti itsekeke, ndipo pa liwiro la malita 40 pa mphindi, nthawi imeneyo imalola madzi osapitirira malita 2 kudutsabe. Yambani ndi 398, dzazani kangapo, onani pamene mita ikuthera valavu itatsekeka, kenako musinthe nambalayo. Onaninso kuti talemba `>=` osati `=`, chifukwa mita ikhoza kudumpha nambala yeniyeniyo pakati pa kuwerenga kuwiri kwa PLC, ndipo ikatero madzi sadzasiya kulowa.

Maswichi awiri a mulingo awonjezedwa pa chipatachi kuti zida ziziikirana umboni. Ngati mita ikunena kuti malita 398 alowa koma LSL ikadali youma, ndiye kuti mwina V2 sinatsekeke ndipo madzi akutayikira m'ngalande, kapena swichiyo yafa. Zonse ziwirizi nzoyenera kudziwika hita isanayake.

Chipata cha S3 chimadikira M1_FB. Chipata cha S11 chimadikira kuti LSLL ikhale youma kwa masekondi 30 osadukiza, zomwe mungawerenge ndi taima ya TON, chifukwa sopo wokhuthala amatsetsereka pang'onopang'ono m'makoma a thanki ndipo swichi imayamba yayakazima isanakhazikike.

3. Sankhani chilembo cha ntchito iliyonse

Ntchito iliyonse yomangiriridwa pa sitepe imakhala ndi chilembo chonena utali umene igwire. Pa thanki ngati iyi zinayi zikukwanira. N imagwira sitepe ikakhala yamoyo ndipo imaleka sitepe ikatha. S imayatsa chinthu nkuchisiya choyaka ngakhale sitepe itadutsa, mpaka R idzachizimitse. P imagwira kamodzi kokha polowa mu sitepe.

Gwiritsani ntchito N paliponse pamene mungathe: V1_REQ mu S2, H1_REQ mu S4, P1_REQ mu S6, V2_REQ mu S11. Pa tchati chonsechi S ikufunika pamalo amodzi, ndipo ndi pa mota yosakanizira, imene imayaka mu S3 nkumazungulirabe kudutsa masitepe ambiri. R yake ikhale mu S11, komanso muibwerezenso mu S0, kuti njira iliyonse yobwerera poyambira iizimitse.

Chenjezo: nthawi iliyonse mukalemba S, tengani pensulo ndipo mutsate njira zonse zochokera pa sitepeyo, kuphatikizapo njira ya kuletsa msakanizo pakati, kuti muone ngati iliyonse ikudutsa pa R. Mota imene imapezeka ikulira m'mawa thanki ili mbee imakhala itasiyidwa ndi S yopanda mnzake.

4. Konzani nthambi zoyendera limodzi

Apa ndi pamene tchati chimasokonekera kawirikawiri. Mizere iwiri yopingasa pansi pa S3 ikutanthauza kuti chipata chimodzi chimadzutsa S4 ndi S6 nthawi imodzi, ndipo mizere iwiri ya m'munsi ikutanthauza kuti S8 siyamba mpaka nthambi zonse ziwiri zitafika kumapeto.

```
TRANSITION FROM S3 TO (S4, S6) := M1_FB; END_TRANSITION
TRANSITION FROM S4 TO S5 := TT1 >= 40.0; END_TRANSITION
TRANSITION FROM S6 TO S7 := FQ2 >= 80.0; END_TRANSITION
TRANSITION FROM (S5, S7) TO S8 := TRUE; END_TRANSITION
```

S5 ndi S7 zilibe ntchito iliyonse, ndipo wophunzira amafunsa kuti nanga zikuchita chiyani pamenepo. Taganizani zitachotsedwa, nkulemba chipata chimodzi chonena kuti kutentha kufike pa 40 komanso mankhwala akwane 80. Pampu imamaliza malita 80 m'mphindi 8, pamene hita imafuna pafupifupi ola lathunthu. Popeza S6 ikhalabe yamoyo kudikira hita, N yake isungabe pampu yoyaka, ndipo mgolo wonse wa mankhwala udzathera m'thanki. Sitepe yodikirira imapatsa nthambi yofulumira pokhala itazimitsa zida zake.

Lamulo lachiwiri la nthambi ndi lakuti musajambule muvi wotuluka mu nthambi imodzi kupita kunja kwa mizere iwiriyo. Tinene kuti mwaika muvi wochoka pa S6 kupita ku sitepe ya alamu kenako ku S0. S4 imatsala yamoyo, hita ikuyakabe, pamene S0 yadzukanso kudikira batani, ndipo tchati chimakhala ndi masitepe amoyo m'malo awiri osadziwana. Mapulogalamu ena olembera amakana kujambula zotere, ena amalola mwakachetechete. Vuto la mkati mwa nthambi lithetsedwe ndi kuimitsa kumene kwafotokozedwa m'gawo la 6.

Nthambi ya pa S9 ndi ya mtundu wina, yosankha njira imodzi, ndipo imajambulidwa ndi mzere umodzi. Woyendetsa makina amatunga sopo pang'ono pa kampopi ka m'mbali, amaona kukhuthala kwake, ndipo amadina QC_OK kapena QC_REMIX. Lembani zipata ziwirizo kuti zisathe kutseguka limodzi: `QC_REMIX` kulowera ku S10, ndi `QC_OK AND NOT QC_REMIX` kulowera ku S11. S10 imasakaniza mphindi zina 5 nkubwerera ku S9.

5. Patsani sitepe iliyonse malire a nthawi

Sitepe iliyonse ili ndi zizindikiro ziwiri zoperekedwa kale: `S2.X` imanena ngati ndi yamoyo, ndipo `S2.T` imanena nthawi imene yakhala yamoyo. Mu CODESYS zimalembedwa ndi zilembo zazing'ono. Chachiwirichi ndicho chimagwira sitepe yokana kutha.

```
IF S2.X AND S2.T > T#15m THEN AL_FILL := TRUE; END_IF;
IF S6.X AND S6.T > T#12m THEN AL_DOSE := TRUE; END_IF;
IF S4.X AND S4.T > T#100m THEN AL_HEAT := TRUE; END_IF;
```

Kudzaza kumatenga mphindi 10, choncho 15 ikusiya mpata wa tsiku limene madzi akubwera mofooka kuchokera ku thanki ya pamwamba. Kuthira mankhwala kumatenga 8, ndipo kukafika 12 ndiye kuti mgolo watha kapena pampu yakoka mpweya.

Malire a hita ndiwo ofunika kuwerengetsa bwino, makamaka kuno kumtunda. Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna makilojuli 4.19. Tikatenga zonse za m'thanki ngati makilogalamu 480 a madzi, nthawi ya masekondi imapezeka motere:

```
t = m * 4.19 * dT / P
480 * 4.19 * 18 / 12 = 3017 s
480 * 4.19 * 28 / 12 = 4693 s
```

Mzere wachiwiri ndi wa madzi olowa ali pa madigiri 22, monga zingakhalire mu Okutobala, ndipo yankho ndi mphindi pafupifupi 50. Wachitatu ndi wa madzi ogona m'thanki ya panja usiku wa Julayi nkulowa ali pa madigiri 12, ndipo yankho ndi mphindi 78, osawerengera kutentha kotayika m'makoma a thanki. Mmisiri amene wayika makina nyengo yotentha nkulemba malire a ola limodzi adzaitanidwa m'mawa uliwonse chisanu cha Dedza chikayamba, ndipo choipa kwambiri nchakuti ogwira ntchito adzazolowera kuzimitsa alamuyo osaiwerenga. Malire a mphindi 100 amalola nyengo yozizira, komabe amagwira vuto lenileni: hita ya nthambi zitatu ikapsa nthambi imodzi imatsala ndi mphamvu yosapitirira makilowati 8, ndipo m'mawa wozizira uja ingafune mphindi 117 kapena kuposerapo. Nyengo yotentha hita yomweyo ingamalize m'mphindi 75 popanda alamu, choncho ndi bwino kuonetsa `S4.T` pa sikirini kuti woyendetsa makina azindikire yekha kuti lero kwachedwa.

6. Ikani chitetezo kunja kwa tchati

Mwaona kuti tchati sichikulamula zida mwachindunji, koma chimangopempha kudzera m'mayina othera ndi _REQ. Chilolezo chomaliza chimaperekedwa ndi kachigawo kena ka pulogalamu kamene kamawerengedwa nthawi zonse, posayang'ana sitepe imene ili yamoyo.

```
V1 := V1_REQ AND NOT LSH AND NOT HOLD;
P1 := P1_REQ AND NOT LSH AND NOT HOLD;
M1 := M1_REQ AND LSL;
H1 := H1_REQ AND LSL AND M1_FB AND NOT HOLD;
V2 := V2_REQ AND NOT HOLD;
```

Chida chilichonse chilembedwe pa mzere umodzi wokha m'pulogalamu yonse. Alamu iliyonse ya m'gawo lapitali imayatsa HOLD, ndipo HOLD imatseka mavalavu, pampu ndi hita koma masitepe amakhala pamene anali. Mota ndaisiya dala kuti izizungulirabe, kuti mankhwala othiridwa kale asakhale pansi nkuundana. Woyendetsa makina akasintha mgolo wa mankhwala amadina RESUME, ndipo pampu imapitiriza pa nambala imene mita inaimira. Maina a HOLD, STOP ndi ABORT amachokera ku muyezo wa ISA-88, ndipo ndi bwino kuwasunga pa sikirini monga alili. ABORT ikhale yobwezera tchati chonse ku S0 nthawi imodzi, zomwe mu CODESYS zimachitika ndi SFCInit kapena SFCReset.

Chenjezo: `.T` simaima HOLD ikayaka. Ngati pampu yaimitsidwa kwa theka la ola, `S6.T` yadutsa kale mphindi 12, ndipo alamu idzabwerera pomwepo mukangodina RESUME. Kumene kuimitsa kumachitika kawirikawiri, werengani malirewo ndi TON yoyaka pa `S6.X AND NOT HOLD`, imene imayambiranso pa ziro. Mphindi 20 za S8 nazonso zisawerengedwe ndi `S8.T`, chifukwa mota ikhoza kukhala itagwa pa chotetezera chake nthawi ikupitabe. Ziwerengedwe ndi taima yosunga nthawi, yoyenda pokhapokha M1_FB ili yoyaka, imene pa Siemens ndi TONR ndipo pa Allen-Bradley ndi RTO, ndipo muibwezere pa ziro mu S1.

LSH ilumikizidwe mwakuti waya akaduka PLC iziona ngati thanki yadzaza.

7. Konzekerani kuzima kwa magetsi

Msakanizo wa maola awiri udzakumana ndi kuzima kwa magetsi tsiku lina. Sungani FQ1, FQ2, nthawi yosakanizira ndi nambala ya sitepe m'malo a RETAIN, amene safufutika magetsi akazima, ndipo lembani kuti PLC ikadzuka iyambe ndi HOLD yoyaka. Pa sikirini pazioneka sitepe imene inali yamoyo ndi malita amene analowa kale, kuti munthu asankhe yekha kupitiriza kapena kukhuthula. Mitundu ya PLC imasiyana pa kasungidwe ka masitepe amoyo, choncho werengani buku la yanu, ndipo kumene sikutheka lembani njira yoti woyendetsa makina abwezere tchati pa sitepe yosungidwayo. Ngati zonse zalephera ndipo tchati chadzukira pa S0, lamulo lija lakuti thanki ikhale yopanda kanthu ndilo limaletsa malita ena 400 kuthiridwa pa malita 480.

8. Yesani ndi madzi okha

Yambani ndi choyesera cha pa kompyuta, kenako thanki yeniyeni, mutaika madzi mu mgolo wa mankhwala. Msakanizo woyenda bwino sukuphunzitsani zambiri, choncho wonongani zinthu mwadala: tsekani mpopi waukulu S2 ili mkati, zulani waya wa LSL hita ikuyaka, dinani QC_OK ndi QC_REMIX limodzi, zimitsani magetsi pa S4 ndi S6, ndipo dinani ABORT pa sitepe iliyonse kuti muone ngati mota ikuzima. Pa kuyesa kulikonse lembani sitepe imene tchati chaima ndi uthenga umene waoneka.

Zolakwika zofala ndi zizindikiro zake

Tchati chikaima pa mizere iwiri ya m'munsi, yang'anani nthambi imene sinafike pa sitepe yake yodikirira, osati chipata cha TRUE. Sitepe yodzaza ikatha msanga pa msakanizo wachiwiri wokha, woyamba utayenda bwino, ndiye kuti mita sinabwezedwe pa ziro. Valavu ikamakana kutseguka sitepe yake ili yamoyo, fufuzani dzina lake m'pulogalamu yonse, pakuti mwina lalembedwa malo awiri ndipo mzere wa m'munsi ukufafaniza wa pamwamba.

Pali vuto limodzi limene madzi oyesera sangakuonetseni, ndilo thovu. Sopo weniweni akalowa, thovu limakwera mpaka kukhudza LSH, ndipo maswichi ena amaliwerenga ngati madzi, choncho pampu imaima malita 80 asanakwane ngakhale thanki ili ndi malo, ndipo alamu imene imabwera ndi ya AL_DOSE, yomwe imatumiza mmisiri kukafufuza pampu yabwinobwino. Musachotse LSH pa mzere wa chitetezo. Patsani LSH alamu yakeyake, tsitsani paipi ya mankhwala kuti izithira pansi pa madzi, chepetsani liwiro la mota pa nthawi ya S6 ngati ili ndi chosinthira liwiro, ndipo zikapitirira ikani swichi ya mtundu wonjenjemera, imene kawirikawiri siimva thovu lopepuka.